Kuphunzitsa Galu Kubwera Mukamuitana: Nkhani Yokambidwa kwa Oweta Agalu ku Kachebere

 

Ndabwera ndi nkhani imodzi yokha: momwe mungaphunzitsire galu kuti mukamuitana, iye ali chapatali ndipo alibe chingwe m'khosi, asiye chimene akuchita n'kuthamangira kwa inu. Kuno ku Kachebere nkhaniyi si yamasewera. Msewu waukulu wochokera ku Lilongwe kudzera pa boma la Mchinji kupita ku Chipata umadutsa malole usana ndi usiku, ndipo njinga zamoto zadzaza m'tinjira tathu. Malire ndi Zambia ali pafupi, koma galu sadziwa malire. Akapirikitsa mbuzi ya munthu wa tsidya lina, mlandu umagwera inu, ndipo mudzalipira mbuziyo pabwalo.

Ndiyala mfundo zisanu. Yoyamba, chifukwa chimene galu amakanira kubwera. Yachiwiri, liwu loitanira ndi mphotho yake. Yachitatu, chingwe chachitali ndi makwerero a zinthu zokopa galu. Yachinayi, tidzatenga galu mmodzi n'kuyenda naye kuyambira tsiku loyamba. Yachisanu, malire a maphunzirowa. M'zonsezi mumva ndikubwereza mawu awa: musaitane galu pamene mukudziwa kuti sabwera, ndipo akabwera, kubwerako kumpindulire.

Mfundo yoyamba: n'chifukwa chiyani galu amakana kubwera?

Ambiri timati galu wanga ndi wamwano, samva. Tiyeni tione kaye zimene amakumana nazo akamva dzina lake. M'makomo ambiri galu amaitanidwa pa zifukwa zitatu. Amaitanidwa kuti amangidwe pa tcheni, pomwe akhale tsiku lonse padzuwa. Amaitanidwa kuti akwapulidwe chifukwa wadya mazira kapena wavundukula poto. Amaitanidwa kuti asambitsidwe mankhwala a nkhupakupa. Tsono kumbali inayo kuli chiyani? Kuli fungo la kalulu, kuli dzala la kuseri kwa malo ophera nkhumba, kuli agalu anzake. Inu a ku Mchinji mumadziwa bwino kugulitsa mtedza. Wogula wina akapereka mtengo wotsika, sikelo yake n'kukhalanso yobera, pamene wina kutsidyako akupereka mtengo wabwino, mtedza umapita kuti? Palibe amene amati mlimiyo ndi wamwano. Galu nayenso amapita kumene kuli mtengo wabwino, ndipo ntchito yathu ndi yoti mtengo wa kwa ife upose wa kutchire.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza anthu. Galu amalumikiza chilango kapena mphotho ndi chimene wachita pa mphindi yomweyo, osati chimene anachita kale. Tinene kuti wathawa m'mawa, wabwera masana, inu mwamulandira ndi chikoti. M'mutu mwanu mwamulanga chifukwa chothawa. M'mutu mwake mwamulanga chifukwa chobwera, pakuti chomaliza chimene anachita ndi kufika pa mapazi anu. Mawa adzachedwa kuposa lero, ndipo akadzabwera adzaima patali, mchira uli pakati pa miyendo, kukuzungulirani osalola kugwidwa. Galu woima potero, pamtunda woti dzanja silifika, akukuuzani kuti anamenyedwapo atabwera.

Ena amati popanda ndodo galu saphunzira. Akatswiri a pa yunivesite ya Lincoln ku England anayesa zimenezi, ndipo anafalitsa zotsatira zake mu 2020. Anatenga agalu 63 ovuta kubwera akaitanidwa, nawagawa m'magulu atatu. Ena anaphunzitsidwa ndi lamba wa m'khosi wogwedeza galu ndi magetsi, ena ndi aphunzitsi omwewo popanda lambayo, ena ndi aphunzitsi odalira mphotho. Agalu a mphotho ndiwo ankabwera kawirikawiri pa kuitana koyamba, ndiponso ankabwera msanga. Ine sindidana ndi ndodo chifukwa cha chifundo chokha ayi, ngakhale chifundocho ndili nacho. Ndimadana nayo chifukwa pa ntchito iyi imaononga chimene tikufuna kumanga. Simungaopseze nyama kuti ikonde kukhala pafupi nanu.

Mfundo yachiwiri: liwu ndi mphotho.

Sankhani liwu limodzi loitanira, ndipo banja lonse ligwiritse ntchito lomwelo. Dzina la galu si liwu loitanira. Dzina limangomuuza kuti tchera khutu, ndipo amalimva tsiku lonse, pomukalipira ndi pomuthamangitsa kukhitchini pomwe. Pambuyo pa dzina pabwere liwu lenileni: "Bwera!" kapena "Kuno!" Ngati galu wanu wakhala akumva "bwera" kwa chaka chonse osabwera, kapena wakhala akumenyedwa nalo, liwu limenelo linafa. Lisiyeni, yambani lina latsopano. Mluzu ndi wabwino kwambiri chifukwa umafika patali ndipo sumveka mkwiyo, koma ukhale wa kaimbidwe kamodzi kosasintha, ndipo onse a pakhomo athe kuuimba. Wezulo wa mpira nayenso amagwira ntchito, bola musamuiwale kunyumba.

Liwulo linenedwe kamodzi. Mukati "bwera, bwera, bwera, iwe bwera" mukumuphunzitsa kuti oyambawo alibe kanthu, adikire wachisanu.

Tsopano mphotho. Ndikudziwa funso limene lili m'mitima mwanu: ndiwo zikusowa pakhomo, ndiye ndizipatse galu? Mvetserani kuchepa kwake. Chidutswa chimodzi cha mphotho chisapose njere ya nzama. Usipa umodzi wouma mukhoza kuuduladula patatu. Kadzanja kamodzi ka bonya kapena kapenta wochokera ku Chipata kakukwanirani masiku angapo, ingopewani wothira mchere wambiri. Mukapha nkhuku, sungani kachiwindi ndi matumbo, muphike, muduledule. Dzira limodzi lophika limatuluka zidutswa zambiri. Mafupa ophika a nkhuku musamupatse, amasweka mosongoka n'kumulasa m'mimba, ndipo ndiwo zokazingira anyezi wambiri si zabwino kwa galu.

Mphotho zikhale za magulu awiri. Pali ya masiku onse, monga timibulu ta mkute toviika mu msuzi wa nsomba. Pali yapamwamba, chiwindi kapena usipa, imene galu saiona pena paliponse koma pobwera ataitanidwa pamalo ovuta. Ndipo chakudya chimene mumamupatsa kale madzulo, m'malo mongochikhuthulira pansi, patulanipo gawo limodzi mwa magawo atatu kuti alidye kuchokera m'dzanja lanu pophunzira. Mukatero simunaonjezere ndalama iliyonse. Phunzitsani asanadye, pamene ali ndi chilakolako, koma musamugoneke ndi njala dala. Galu wanjala kwambiri amalumphira dzanja ndipo mutu wake sukhazikika.

Mphotho ifike msanga, pasanathe masekondi awiri galu atafika. Choncho ikhale kale m'thumba la malaya kapena m'kachikwama ka m'chiuno, osati m'nyumba. Koma musaionetse poitana. Mukamagwedeza usipa m'mwamba kuti abwere, adzaphunzira kuyang'ana dzanja lanu kaye, ndipo tsiku lopanda usipa adzakutembenukirani msana. Dongosolo lake ndi ili: liwu, galu afike, dzanja limodzi ligwire lamba wa m'khosi mofatsa, kenako dzanja lina litulutse mphotho. Kugwira lambako musakudumphe. Galu wobwera n'kulanda chakudya n'kuthawa sanaphunzire kanthu kothandiza pa tsiku la ngozi.

Ilipo mphotho ina yosagula, ndipo ndi yamphamvu kuposa chiwindi. Katswiri wina wa ku America, David Premack, anaonetsa mu 1959 kuti chinthu chimene nyama imakonda kuchita chikhoza kukhala malipiro a chinthu chimene siikonda kwenikweni. Kwa galu, chimene amakonda ndi ufulu. Tsono mukamuitana, akabwera, mupatseni kanthu, kenako nenani "Pita!" n'kumusiya abwerere kukanunkhiza kumene anali. Pa maulendo khumi amene mwamuitana, asanu ndi anayi azithera pa "Pita!" Kamodzi kokha ndiye azimangidwa. Ndipo pomumanga, mupatseni chakudya chake pamalo omangirapo, kuti tcheni chisakhale mapeto a zabwino zonse. Za kusamba mankhwala, kubaya jakisoni ndi zina zosakoma, musamuitanire ndi liwu lija. Pitani nokha mukamutenge.

Mfundo yachitatu, imene ndikhalitsepo: chingwe chachitali ndi makwerero.

Akuluakulu anati kuthamanga sikufika. Cholakwika chachikulu ndi ichi: galu wabwera bwino pabwalo la nyumba masiku atatu, mwini wake n'kupita naye kudambo kumene kuli mbuzi, n'kumumasula, n'kuitana. Galu sabwera. Pamenepo waphunzira zinthu ziwiri zoipa nthawi imodzi: kuti liwu lija likhoza kunyozedwa, ndi kuti kupirikitsa mbuzi n'kokoma. Dziwani kuti kuthamangitsa nyama kumadzilipira kokha. Ngakhale asaigwire, thupi lake lasangalala, ndipo ulendo uliwonse umene wathamangitsa ndi phunziro limene mwaluza.

Chotchinjiriza zimenezi ndi chingwe cha mamita 10. Cha nayiloni chomwe timamangira mbuzi chikwanira, chopepuka, chokhala ndi mfundo zingapo kuti chisapulumuke m'manja kapena pansi pa phazi. Chimangidwe pa lamba wotakata, wolowa zala ziwiri pakati pa lamba ndi khosi. Chisakhale chokhwimitsa chokha ngati khwekhwe, ndipo waya ayi ndithu. Kwa galu wothamanga mwamphamvu ndi bwino kumumanga pachifuwa ndi nsalu yolimba yodutsa kuseri kwa miyendo yakutsogolo, chifukwa akafika kumapeto kwa chingwe ali pa liwiro khosi likhoza kuvulala. Musachikulunge pa zala zanu, chimatentha ndi kudula khungu.

Chingwechi si chokokera galu kwa inu ngati chidebe cha pachitsime. Ntchito yake ndi imodzi: kuti akakana kubwera asapeze phindu kwina. Mumangochiponda kapena kuchigwira, iye n'kulephera kufika pa nkhuku, basi.

Pali zinthu zitatu zimene zimalimbitsa mayeso. Choyamba ndi malo: pakhomo, kudimba, kumjigo, kumsika. Chachiwiri ndi kutalika kwa pakati pa inu ndi galu. Chachitatu ndi mphamvu ya chomukopa, ndi kuyandikira kwake. Lamulo ndi lakuti musinthe chimodzi chokha pa nthawi imodzi, ndipo mukalimbitsa chimodzi, fewetsani zinazo. Mukapita pamalo atsopano, bwererani pa mapazi atatu ngati tsiku loyamba. Musadabwe galu wodziwa bwino pakhomo akakhala ngati sanamvepo liwulo kudimba. Agalu amamangiriza phunziro ku malo amene analiphunzirira, ndipo amayenera kuliphunziranso pamalo asanu kapena asanu ndi limodzi asanazindikire kuti liwuli ndi lomwelo kulikonse. Paja mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Khalani pansi mulembe zokopa galu wanu, kuyambira chofooka kufikira champhamvu. Kwa agalu ambiri a kuno mndandanda umayenda motere: munthu wa pakhomo akungodutsa, mbale yopanda kanthu ili pansi, mbale ya chakudya yovindikira, ana akusewera mpira, nkhuku zili m'khola, nkhuku zikuyenda, njinga ikudutsa, mbuzi yomangirira, galu mnzake, mbuzi zothamanga, ndipo pamwamba penipeni kalulu wodzambatuka pa tchire. Wanu akhoza kusiyana. Alipo agalu osalabadira nkhuku koma openga ndi njinga yamoto.

Mudziwa bwanji kuti yakwana nthawi yokwera? Werengani. Muitaneni kasanu pa gawo limene muli. Akabwera msanga, pa liwu limodzi, kanayi kapena kasanu, ndipo atero masiku awiri otsatizana, kwerani. Akalephera kawiri motsatizana, musakalipe, tsikani gawo limodzi kapena talikirani chomukopacho. Phunziro lililonse likhale la mphindi 3 mpaka 5, kawiri kapena katatu pa tsiku, m'mawa ndi madzulo kukazizira. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala masana galu amangofuna mthunzi. Lekani iye akadafunabe.

Phunziraninso kuwerenga thupi lake, chifukwa limakuuzani ngati liwu lanu lilowe kapena ayi. Galu womasuka amakhala ndi kamwa yotsegula, mchira ukugwedezeka momasuka, ndipo khutu limodzi limatembenukira kwa inu mukasuntha. Ameneyo muitaneni. Koma akatseka pakamwa, makutu n'kuloza kutsogolo, thupi n'kuuma, mutu n'kutsika pang'ono, maso osaphethira, mwatsala ndi kamphindi kochepa kwambiri. Akayamba kuthamanga, kwa galu wosakhwima maphunziro, mwachedwa. Musataye liwu lanu pamenepo. Pondani chingwe. Chizindikiro china chosanama ndi ichi: mukamuika usipa pamphuno iye osaufuna, ndiye kuti muli pafupi kwambiri ndi chomukopa. Bwererani m'mbuyo mpaka pamene ayambirenso kudya. Pamenepo ndiye pa sukulu pake.

Mfundo yachinayi: tiyende ndi galu mmodzi.

Titenge galu wamphongo wa miyezi 9, wa mtundu wathu womwewu wa makutu oima ndi mchira wopindika. Timutche Mawanga. Mwini wake ndi mnyamata wa m'mudzi wa m'tsinde mwa phiri la Kachebere, kufupi ndi seminale ija inatsegulidwa mu 1939. Mawanga wapha kale anapiye awiri a oyandikana nawo, anamenyedwa, ndipo tsopano akamva "bwera" amaima patali. Msinkhu umenewu ndi wovuta. Kuyambira miyezi 6 kufikira chaka ndi theka galu amakhala pa unyamata, ndipo ngakhale amene ankatsatira mwini wake ali kamwana amayamba kugontha. Kamwana ka miyezi iwiri kapena itatu n'kosavuta, kamakutsatirani kokha, ndipo amene muli ndi tiana yambani lero, pakuti kuongola mtengo m'poyamba. Koma Mawanga sanachedwe.

Sabata yoyamba mnyamatayo saitana n'komwe. Asankha liwu latsopano, "Kuno!" Ali ndi galu m'khonde, pafupi moti akhoza kumukhudza, anena "Kuno!" n'kumupatsa kachidutswa, osafuna kuti galu achite kanthu. Atero kakhumi, m'mawa ndi madzulo. Pofika tsiku lachitatu kapena lachinayi, akanena liwulo mutu wa Mawanga ukutembenuka mwamsanga. Liwu layamba kulemera. M'sabata yomweyo amuzoloweza dzanja: kukhudza lamba, kupereka chakudya, kuchotsa dzanja. Poyamba Mawanga akubweza mutu, choncho dzanja lizidzera pansi pa chibwano, osati pamwamba pa mutu pomwe ndodo inkadzera. Ndipo m'masabata onsewa Mawanga sayendayenda yekha. Akhala mumpanda, kapena pa chingwe chachitali pamthunzi pali madzi, ndipo mnyamatayo amayenda naye kawiri pa tsiku. Popanda zimenezi nkhuku zipitiriza kumuphunzitsa zosiyana ndi zanu.

Sabata yachiwiri atuluka pabwalo nkhuku zisanatsegulidwe. Mapazi atatu, kenako asanu, kenako khumi. Apa pali kanthu kamene alangizi a kunja amalangiza koma kuno kamavuta. Iwo amati werama kapena nyonyomala kuti galu akuone wochezeka. Galu wa kumudzi amadziwa kuti munthu akawerama akutola mwala. Mnyamatayo atawerama, Mawanga anathawira kuseri kwa nkhokwe. Chochita ndi kutembenuka cham'mbali, osamuyang'anitsitsa m'maso, kuitana, n'kuthamanga pang'ono kumuthawa uku mukuomba m'manja pa ntchafu. Galu amakonda kuthamangitsa, tsono athamangitse inu. Mukamuthamangira ndinu, iye athawa, ndipo pa liwiro simungamupose. Madzulo mlongo wake wa mnyamatayo alowa nawo: aima motalikirana mapazi khumi, kuitana mosinthana, aliyense ndi mphotho yake. Mwana wamng'ono asachite izi popanda wamkulu.

Sabata yachitatu ndi yachinayi ndi za nkhuku. Thadzi livindikiridwa m'dengu pamthunzi kwa mphindi zochepa. Mawanga ali pa chingwe, mapazi 20 kuchokera pa dengu. Ayang'ana, mnyamata aitana, abwera, alandira chiwindi, osati kamodzi koma tizidutswa tinayi totsatizana, kuti aone kuti kusiya nkhuku kuli ndi mtengo wapadera. Patapita masiku awiri mapazi 15, patapitanso awiri 12. Atafika mapazi 8, thadzi likupiza mapiko, Mawanga auma thupi, liwu silinalowe. Mnyamatayo sabwereza liwu, sakoka mwaukali. Aponda chingwe, adikira. Galu alephera kufika pa dengu, patapita kanthawi acheuka. Pomwepo mnyamata amuyamikira, abwerera naye pa mapazi 12, aitana pamenepo, galu abwera, alandira. Akhala pa 12 masiku ena awiri asanayesenso 10. Nkhuku zikadzatulutsidwa m'dengu kuti ziziyenda, abwereranso pa mapazi 20, pakuti chokopa chakula.

Mwezi wachiwiri ndi wa malo atsopano ndi mbuzi. Apa nyengo imatithandiza. M'dzinja mbuzi zimakhala zomangirira chifukwa cha mbewu m'minda, ndiye muli ndi mbuzi yosathawa, imene mukhoza kuitalikira monga mufunira. Pemphani kaye kwa mwini wake, ndipo musayandikire moti mbuziyo n'kuyamba kudzikoka ndi mantha. Mukadikira mpaka anthu atakolola, mbuzi zitatayiridwa, mudzapeza zikuthamanga paliponse ndipo mtunda simudzaulamulira. Mnyamata wathu ayenda ndi Mawanga kudimba, kumjigo, kumbuyo kwa chigayo, pabwalo la mpira ana ataweruka. Paliponse ayambira pafupi.

Kumasula kumabwera m'magawo. Poyamba chingwe achisiya chizikwekwereka pansi, iye ali pafupi moti akhoza kuchiponda. Izi zichitike poyera, osati m'tchire momwe chingakodwe pa chitsa. Patapita masiku angapo opanda vuto, achidula pakati, kenako atsala ndi kachidutswa ka mkono umodzi, kenako palibe. Tsiku loyamba lopanda chingwe likhale pamalo odziwika, kutali ndi msewu, galu atayendako kale n'kutopa pang'ono, asanadye. Ndipo mnyamatayo asadikire ngozi kuti aitane. Aziitana pamene palibe chilichonse, kulipira, "Pita!" Akamaitana pokhapokha pakaoneka mbuzi, Mawanga adzaphunzira kuti liwulo likutanthauza kuti kwinakwake kuli mbuzi, n'kuyamba kuifunafuna. Galu akacheuka yekha kapena kubwera osaitanidwa, alandirenso kanthu. Galu wozolowera kucheukira mwini wake sapita patali.

Kodi mphotho idzatha liti? Idzachepa, koma isadzathe. Liwu likakhazikika, pamalo osavuta muzilipira mwa apo ndi apo, nthawi zina chakudya, nthawi zina kumusisita pachifuwa ndi kumumasula. Koma tsiku lililonse limene wasiya chinthu chachikulu chifukwa cha inu, mulipireni mokwanira, ngakhale atakalamba. Mukaona wayamba kubwera mozengereza, akuima kununkhiza panjira, ndiye kuti malipiro achepa kapena mwamumanga kawirikawiri mutamuitana. Bwererani pa chingwe sabata imodzi. Kwa galu ngati Mawanga yembekezerani miyezi iwiri kapena itatu ya ntchito ya tsiku ndi tsiku, ndipo pa nkhuku mwina kupitirira apo, chifukwa anazilawa kale.

Nanga tsiku limene wathawa ndithu, wapita, wabwera patatha ola? Mtima ukhala ukuwira, ndikudziwa. Mezani mkwiyowo, mulandireni, gwirani lamba, mupatseni kanthu kochepa. Mukatero simukulipira kuthawa, mukusunga kubwera. Ndibwerezenso: musaitane galu pamene mukudziwa kuti sabwera, ndipo akabwera, kubwerako kumpindulire.

Mfundo yachisanu: malire.

Palibe galu amene amabwera nthawi zonse osaphonya, ngakhale wophunzitsidwa ndi katswiri. Choncho m'mbali mwa msewu waukulu, pa msika, ndi pakati pa ziweto za eni, galu akhale pa chingwe ngakhale atakhoza bwanji. Galu wamkazi akakhala pa nyengo yofuna amuna, imene imatenga pafupifupi masabata atatu ndipo kwa ambiri imabwera kawiri pa chaka, asamasulidwe, ndipo amphongo a m'mudzi monse masiku amenewo makutu amagontha. Galu wa mantha, wothawa bingu kapena makombola a pa Khirisimasi, sathawa chifukwa chokopeka, ndipo usipa sumubweza. Mutsekereni m'nyumba zisanayambe.

Inu anyamata osaka, musayembekezere kuti galu amene mumamutuma kuthamangitsa kalulu Loweruka adzasiya kalulu Lolemba chifukwa mwaimba mluzu. N'zotheka kumuphunzitsa liwu lomulola kuthamangitsa ndi liwu lomubweza, koma ndi ntchito yaitali, ndipo pa nthawi ya maphunziro kusaka kuyambe kwaima.

Galu amene ankabwera bwino n'kusiya mwadzidzidzi, muyang'aneni thupi musanamuweruze. Mwina m'makutu muli zilonda kapena nkhupakupa, mwina phazi lalasidwa ndi minga, mwina ukalamba wamugonthetsa. Koma akasintha khalidwe kotheratu, wofatsa n'kulusa, kapena wolusa n'kufatsa modabwitsa, akutuluka dovu, akuluma zinthu zilizonse, akulephera kumeza, ameneyo musamuitane, musamugwire, musamupatse kanthu m'dzanja. Chikhoza kukhala chiwewe. Chotsani ana, dziwitsani alangizi a ziweto msanga. Wina akalumidwa, atsuke bala ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo osadikira kuti aone ngati adwale, chifukwa chiwewe chikaonekera mwa munthu sichichizika.

Pa chifukwa chimenechi, galu amene mukuti muzimudyetsa m'dzanja ndi kumumasula pakati pa anthu ayambe walandira katemera, kuyambira ali ndi miyezi itatu, ndipo azibayitsanso chaka ndi chaka. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 alionse akabayidwa m'dera, matendawa amaleka kufala. Chimene chimalepheretsa nthawi zambiri ndi agalu osagwirika: obaya afika, mwini aitana, galu ali kuphiri. Tsiku lokumbukira kulimbana ndi chiwewe pa dziko lonse ndi 28 Seputembala. Amene muyambe sabata ino ndi liwu latsopano ndi dzanja pa lamba, obaya katemera akadzafika mudzatha kumugwira galu wanu nokha n'kupita naye pa chingwe.

Amene mwabwera ndi agalu, tikatuluka pano tikumane pabwalo, motalikirana mapazi 20, aliyense ndi chingwe chake, tiyambe ndi phunziro la sabata yoyamba.